Kulonjerera malipiro kwa abwana: kuchonderera, kukalipa, kulemba mwachiloya, kapena kungonena manambala?

Malipiro akachedwa, ambiri amayamba n'kufunsa pakamwa, ndipo mayankho ake ndi odziwika: "Tikuonani sabata yamawa," kapena "Makasitomala sanatilipire." Masabata akapitapo, munthu amaganiza zolemba, ndipo apa m'pamene cholembera chimalemera. Ukafewetsa mawu kalata imakakhala pansi pa mapepala ena. Ukaumitsa mawu umaopa kuti ntchito ithera pompo. Anthu amaganiza kuti ayenera kusankha chimodzi, ulemu kapena kulimba, pomwe ziwirizi zimakhala malo osiyana m'kalata imodzi. Ulemu umakhala pa malonje, pa momwe mukutchulira munthu, ndi pa kusamunamizira zomwe simungathe kutsimikiza. Kulimba kumakhala pa ndalama yeniyeni, pa madeti, ndi pa tsiku lomwe mukufuna yankho.

Kuti tiyerekeze bwino, tigwiritse ntchito nkhani imodzi pa njira zonse. Dalaivala wa kampani yonyamula katundu amalandira 180,000 pamwezi atachotsa kale msonkho, ndipo kontirakiti yake imati malipiro azituluka pa 28 mwezi uliwonse. A Malichi ndi a Epulo sanatuluke. Pa 12 Epulo anapatsidwa 60,000 pamanja, n'kuuzidwa kuti ayambe wagwirako imeneyo. M'miyezi iwiriyo anagwiranso maola 24 a ovataimu, omwe kontirakiti imati ndi 1,300 pa ola, ndipo maolawo alembedwa m'buku la maulendo lomwe kapitawo amasaina. Lero ndi pa 6 Meyi, ndipo akadali pa ntchito.

Asanasankhe kamvekedwe ka mawu, ayambe waphatikiza. Miyezi iwiri ndi 360,000. Kuchotsapo 60,000 yomwe analandira, kutsala 300,000. Ovataimu ndi 24 kuchulukitsa ndi 1,300, yomwe ndi 31,200 msonkho usanachotsedwe. Ndalama ya 60,000 ija ayenera kuitchula yekha. Ambiri amaibisa poganiza kuti ikufooketsa dandaulo, koma akauntanti akaipeza m'buku lake, yankho lonse limakhala pa iyo, kuti manambala anu ndi olakwika, ndipo nkhani ya 300,000 imaiwalika kwa masabata ena awiri.

Njira yoyamba: kuchonderera

Kalata yotere imamveka chonchi:

"Bwana, pepani kwambiri kukuvutitsani. Ndikudziwa kuti zinthu sizikuyenda bwino pakampani. Ndimati ndipemphe nawo ngati kungatheke mundiganizireko kangachepe, chifukwa eni nyumba akundithamangitsa ndipo ana abwezedwa kusukulu. Chilichonse chomwe mungakwanitse ndidzathokoza. Pepani ngati ndalakwitsa."

Anthu amaikonda chifukwa siyambanitsa, ndipo kwa bwana wachifundo yemwe anangoiwala, imatha kutulutsa kenakake tsiku lomwelo. Koma taonani zomwe yachita. Mulibe nambala ngakhale imodzi, mulibe mwezi, mulibe tsiku loyembekezera yankho. Munthu wachitatu ataiwerenga angaganize kuti dalaivalayu akupempha ngongole kapena adivansi. Mawu oti "chilichonse chomwe mungakwanitse" apatsa abwana ufulu wosankha okha kuchuluka kwa ndalama, ndipo akapereka 20,000 adzaona ngati athandiza munthu. Mawu oti "ndikudziwa kuti zinthu sizikuyenda bwino" awapatsiratu chowiringula asanachifune n'komwe.

Nkhani ya lendi ndi fizi ndi yoona ndipo ndi yowawa, koma ikakhala ndiyo maziko a kalata, imasintha funso. Funso limachoka pa "kodi ndalamayi ndi yake?" n'kupita pa "kodi wavutika mokwanira?" Malipiro salipidwa chifukwa munthu ali pa mavuto. Amalipidwa chifukwa ntchito inagwiridwa. Wopanda ana, wokhala m'nyumba yakeyake, ali ndi ufulu womwewo pa malipiro ake. Ngati mukufuna kutchula mavuto a kunyumba, chiganizo chimodzi chikukwana, ndipo chibwere pambuyo pa manambala.

Vuto lina limaonekera mtsogolo. Nkhani ikadzafika ku ofesi ya zantchito kapena kukhoti, kalata iyi sidzathandiza kwenikweni ngati umboni, chifukwa sisonyeza kuti munauzapo olemba ntchito kuti ali nanu ngongole ya ndalama zakutizakuti.

Njira yachiwiri: kukalipa

"Ndatopa ndi mabodza anu. Mukudya thukuta lathu pomwe inu mukugula magalimoto atsopano. Kuba kumeneku. Mukapanda kundipatsa ndalama zanga mawa, galimoto simuiona, ndipo dziko lonse lidziwa pa Facebook kuti ndinu anthu otani."

Mkwiyowu uli ndi chifukwa chomveka, ndipo nthawi zina bwana wamantha amalipiradi msanga. Koma mwa njira zinayi, iyi ndiyo yokhayo yomwe ingachititse kuti munthu yemwe anali wolakwiridwa asanduke woyankha mlandu. M'ziganizo zinayi zokha muli mbuna zitatu.

Mbuna yoyamba ndi mawu oti "kuba" ndi "mabodza". Chomwe dalaivalayu angatsimikize n'chakuti sanalipidwe. Zoti abwana anachita dala, kapena kuti ndalama za malipiro anagulira galimoto, alibe nazo pepala. Akazilemba kwa abwana okha, zingatengedwe ngati mwano pa ntchito. Akaziika poyera, angasumiridwe mlandu woipitsa mbiri. Mbuna yachiwiri ndi galimoto. Kugwira katundu wa kampani ngati chikole kumaoneka chilungamo kwa munthu wokwiya, koma m'malamulo a mayiko ambiri wantchito alibe ufulu wotero, ndipo apolisi akabwera sadzafunsa za malipiro a Malichi, adzafunsa za galimoto. Yachitatu ndi kuopseza kuti muulula zinthu pokhapokha mutapatsidwa ndalama. Kunena kuti mukadandaula ku ofesi ya zantchito ndi ufulu wanu. Kunena kuti mukaulula chinsinsi china cha kampani, kaya cha misonkho kaya cha moyo wa abwana, ngati sakulipirani, kungawerengedwe ngati kulanda ndalama moopseza, ngakhale ndalamazo zili zanu.

Palinso "mawa". Makampani ambiri satulutsa ndalama tsiku limodzi, pamafunika wokonza, wovomereza ndi wosaina kubanki. Mawa likafika osalipidwa, inu n'kukhala chete, abwana aphunzira kuti mawu anu alibe mano, ndipo kalata yotsatira saiopa. Musalembe chinthu chomwe simudzachita.

Kumbukiraninso kuti bwana yemweyu ndi amene adzafunsidwe za inu mukamafuna ntchito kwina. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza.

Njira yachitatu: kulemba mwachiloya

Ena amatenga kalata ya loya yomwe anaiona kwina, n'kudzazamo ndime za malamulo, chiwongoladzanja, ndi chipepeso cha kuvutika mumtima. Imaoneka yoopsa, ndipo ili ndi nthawi yake. Koma ikakhala kalata yoyamba, kawirikawiri imachedwetsa ndalama. Manijala akaona fungo la khoti sayankhanso yekha, amaipereka kwa loya wa kampani, ndipo loyayo amalangiza kuti pasapezeke wovomera chilichonse polemba. Chinthu chomwe mumachifuna kwambiri, choti kampani ilembe kuti "inde, ndalamayi tili nayo ngongole," mwachitsekera khomo nokha.

Ngozi ina ndi kutchula ndime yolakwika, kapena lamulo la dziko lina lomwe mwalipeza pa intaneti. Wodziwa akangoona cholakwika chimodzi amadziwa kuti palibe loya kumbuyo kwanu. Ngati mukufuna maziko, kontirakiti yanu ndi yokwanira: ndime yonena za tsiku la malipiro ndi yonena za ovataimu. Mfundo yaikulu ndi yodziwika padziko lonse. Pangano nambala 95 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, la chaka cha 1949, loteteza malipiro, limati malipiro aziperekedwa nthawi yake mokhazikika, ndipo kudula malipiro kuchitike pokhapokha ngati malamulo a dziko, mgwirizano wa ogwira ntchito ndi olemba ntchito, kapena chigamulo cha oweruza nkhani zantchito chikulola. Koma panganoli limamanga maboma omwe analivomereza, ndipo chomwe chimagwira ntchito pa mlandu wanu ndi lamulo la dziko lanu. Kulitchula m'kalata yopita kwa manijala sikuwonjezera kanthu.

Kalembedwe aka kasiyireni loya weniweni kapena mlembi wa bungwe la ogwira ntchito, makalata anu awiri omwe tiwaone m'munsimu akapita pachabe.

Njira yachinayi: manambala, deti, ndi ulemu

Nayi kalata yonse ya dalaivala uja:

"6 Meyi

Kwa a Manijala,

Malipiro a Malichi ndi Epulo omwe sindinalandire

Ndikulemba pofuna kukudziwitsani za malipiro anga omwe sanaperekedwe. Malinga ndi kontirakiti yanga, malipiro amayenera kutuluka pa 28 mwezi uliwonse. A Malichi ndi a Epulo, omwe ndi 180,000 mwezi uliwonse msonkho utachotsedwa, sanalowe. Pa 12 Epulo ndinalandira 60,000 pamanja, choncho yotsala ndi 300,000.

Palinso maola 24 a ovataimu a miyezi yomweyi, pa 1,300 pa ola, omwe akukwana 31,200 msonkho usanachotsedwe. Ndaphatikiza fotokope ya masamba a buku la maulendo omwe a kapitawo anasaina, ndi sitetimenti ya kubanki ya miyezi iwiriyi.

Ndikupempha kuti ndalamazi zilipidwe pofika pa 20 Meyi. Ngati mabuku anu akusonyeza manambala osiyana ndi awa, chonde ndidziwitseni polemba tsikuli lisanafike kuti tiwaone limodzi. Ngati kampani singathe kulipira zonse nthawi imodzi, ndine wokonzeka kukambirana ndondomeko yolembedwa yokhala ndi madeti ake.

Ndikupitiriza kugwira ntchito yanga monga mwa nthawi zonse.

Zikomo,
Ine wanu,"

kenako dzina, nambala ya ntchito ndi siginecha.

Kalata iyi ndiyo tikuilimbikitsa, ndipo m'pofunika kuona chifukwa chake chiganizo chilichonse chili momwe chilili.

Mutu wake ukunena nkhani yonse. Munthu wa ku ofesi ya malipiro yemwe ali ndi mapepala ambirimbiri patebulo adziwa pongoyang'ana kuti aipereke kwa ndani. Mulibe "pepani", chifukwa wolemba sanalakwe kanthu. "Chonde" alimo kamodzi kokha, ndipo ali pa pempho loti adziwitsidwe ngati manambala akusiyana, osati pa ndalama. Kamodzi ndi ulemu. Akabwerezedwa katatu kanayi kalata imabwerera ku njira yoyamba ija.

Onaninso kuti ziganizo zikunena za ndalama, osati za munthu. "Malipiro sanalowe" ndi "simunandilipire" zikunena chinthu chimodzi, koma chachiwiri chikuloza chala, ndipo wolozedwa chala amayamba kudziteteza. Manijala yemwe akuwerengayo mwina si iye amene wagwira ndalama, mwina nayenso sanalandire. Kalata yomwe sinamunyoze angathe kuinyamula n'kukaiika patebulo la mwini kampani osachita manyazi. Apa m'pamene ulemu umagwira ntchito yooneka, umachititsa kuti kalata iyende m'manja mwa anthu mpaka kwa wosaina cheke.

"Ndikupempha kuti zilipidwe pofika pa 20 Meyi" ndiye msana wa kalata. Ena amafunsa ngati kupempha si kufooka, n'kumafuna kulemba kuti "ndikulamula". Wantchito salamula bwana wake, ndipo mawuwo amangoputa mkangano wa ulemu. Mphamvu ili pa deti. "Mwamsanga", "posachedwa" ndi "mukapeza mpata" ndi mawu omwe sangaphwanyidwe, chifukwa palibe tsiku lomwe munganene kuti ladutsa. Masiku 14 ndi abwino pa kalata yoyamba, amapereka mpata woti ofesi ifufuze ndi kukonza malipiro, koma osafika pa tsiku la malipiro ena pomwe ngongole ingakwere kufika miyezi itatu. Lembani deti lenileni, osati "m'masiku 14", kuti pasakhale kukangana za tsiku loyambira kuwerenga.

Chiganizo choti "ngati mabuku anu akusonyeza manambala osiyana" chimaoneka chofewa, koma ndicho chochenjera kwambiri. Chikusonyeza kuti wolemba ndi munthu womva za ena. Komanso kampani ikakhala chete, mudzatha kuonetsa kuti munaipatsa mpata wotsutsa ndipo sinatsutse. Ikayankha kuti maola a ovataimu ndi 20 osati 24, yavomera kale zina zonse, ndipo mkangano watsala pa maola anayi okha, omwe ndi 5,200.

Za kulipira pang'onopang'ono ndi zoti munthu aganize kaye. Ngati mukuona kuti kampani ilidi pa mavuto, chiganizocho chikhalebe m'kalatamo, chifukwa ndondomeko yolembedwa ndi umboni wabwino kuposa kukana kopanda pepala. Ngati mukudziwa kuti ena alipidwa ndipo inu nokha ndiye mwadumphidwa, chichotseni. Musapereke chomwe simunapemphedwe.

Chiganizo chomaliza, choti ntchito ikupitirira, chimatseka pakamwa aliyense wofuna kunena kuti mwayamba kunyanyala. Kusiya kupita ku ntchito chifukwa simunalipidwe kumamveka bwino m'mutu, koma malamulo a izi amasiyana dziko ndi dziko, ndipo kwina kujomba masiku angapo popanda chilolezo n'chifukwa chokwanira chochotsera munthu. Funsani ku ofesi ya zantchito kapena ku bungwe lanu musanayese.

M'kalata yoyambayi mulibe chiopsezo chilichonse, ndipo n'zadala. Munthu akadali pa ntchito, ayambe waona ngati nkhani ingathe mwakachetechete.

Pa 20 Meyi padutsa, kuli zii

Kalata yachiwiri ipite tsiku lotsatira, pa 21, osati patatha mwezi. Kuchedwa kumauza abwana kuti deti lija linali longolemba. Apa ambiri amalakwitsa poganiza kuti popeza kufatsa kwalephera, tsopano ndi nthawi yolusa. Kamvekedwe kasasinthe. Chomwe chikusintha ndi zinthu zitatu: kalata ifupike, masiku achepe, ndipo mutchule chomwe mudzachite.

"Ndikukumbutsa za kalata yanga ya pa 6 Meyi, yomwe ofesi yanu inalandira ndi kudinda tsiku lomwelo. Pofika pa 20 Meyi sindinalandire malipiro kapena yankho. Ndalama yotsala ikadali 300,000 ya malipiro ndi 31,200 ya ovataimu. Ndikupempha kuti ilipidwe pofika pa 28 Meyi. Likadutsa tsikuli, ndikapereka nkhaniyi ku ofesi ya zantchito kuti atithandize. Ndikanakonda kuti ithere pakati pathu."

Kusiyana kwa chiopsezo ndi chidziwitso kuli apa. "Muona zomwe ndichite" ndi chiopsezo, sichinena kanthu koma chimaputa. "Ndikapereka nkhaniyi ku ofesi ya zantchito" ndi chidziwitso cha sitepe yololedwa, yomwe mungaichite ndipo mudzaichitadi. Tchulani sitepe imodzi yokha. Kundandalika ofesi ya zantchito, khoti, loya, atolankhani ndi apolisi m'chiganizo chimodzi kumasonyeza kuti simunasankhe chochita.

Kalata yachitatu yofanana ndi izi ndi yosafunika. Pa 29 Meyi pitani komwe munanena, mutanyamula makalata awiri aja. Musazengereze, chifukwa madandaulo a zantchito amakhala ndi malire a nthawi yokasuma, ndipo m'mayiko ena malirewo ndi miyezi yochepa chabe. Malonjezo a "tikuonani" akhoza kukudyerani nthawi yonseyo.

Akayankha

Yankho lofala ndi kuitanidwa mu ofesi n'kulonjezedwa pakamwa. Pitani, mverani, thokozani, kenako tsiku lomwelo tumizani mawu ochepa: "Zikomo pondilandira lero. Monga tinagwirizanirana, ndilandira 150,000 pa 30 Meyi, ndipo yotsala pa 15 Juni. Ngati sindinamve bwino, ndikonzeni." Uwu ndi ulemu weniweni, ndiponso lonjezo lapakamwa lasanduka lolembedwa. Bwana yemwe amafuna kungokuziziritsani amaonekera pomwepa, amakwiya kuti mwalemberanji, kapena amayankha kuti sanatchule deti.

Akakupatsani gawo la ndalama, landirani, koma werengani chomwe mukusainira. Mapepala ena amakhala ndi mawu oti ndalamayi ndi yomaliza ndipo simudzafunanso kanthu. Mukasaina pamenepo mutalandira 100,000, kudzafuna yotsalayo kumakhala kovuta kwambiri. Pemphani kuti mawuwo achotsedwe, kapena lembani pamwamba pa siginecha yanu kuti "Ndalandira 100,000 ngati gawo la malipiro a Malichi ndi Epulo, yotsala 200,000 ndi ovataimu." Ngati akukukakamizani kusaina pompopompo, nenani mofatsa kuti mukufuna kukaliwerenga kaye ndipo mubwera nalo mawa. Pepala lachilungamo silithawa usiku umodzi.

Yankho lina ndi kubweza moto: mwadzidzidzi kwatulukira nkhani ya tayala lomwe linaphulika mu Januwale, kapena mafuta omwe akuti anasowa, ndipo akufuna kudula pa malipiro. Musayankhe mokwiya, ndipo musazisakanize. Lembani kuti nkhani ya tayala ndinu wokonzeka kuiyankha payokha akakupatsani tsatanetsatane wake polemba, pemphani kuti akuonetseni ndime ya kontirakiti kapena lamulo lolola kudulako, ndipo bwerezani kuti pempho la malipiro likadali pa deti lomwe lija.

Ngati ntchito inatha kale

Yemwe anachoka saopanso kuchotsedwa, choncho makalata awiri aja akhoza kukhala amodzi: manambala, deti, ndi sitepe yotsatira, zonse m'kalata yoyamba. Chiganizo chopitiriza ntchito chimachoka, m'malo mwake mumatchula tsiku lomaliza kugwira ntchito ndi tsiku lomwe munabweza katundu wa kampani, monga makiyi, yunifolomu ndi chiphaso, chifukwa chowiringula chofala ndi choti simunamalize kubweza zinthu. Ndalama iliyonse ikhale pa mzere wake: malipiro a masiku omaliza, masiku a tchuthi omwe simunapite, ndalama ya notisi ngati ilipo. Mukazilemba ngati chiwerengero chimodzi, kutsutsa kachigawo kamodzi kumaimitsa zonse. Ulemu usachepe poti mwachoka. Kalata imeneyi ndi yomwe wogamula mlandu adzayambe kuwerenga, ndipo adzakuonerani momwemo musanatsegule pakamwa.

Pepala, imelo kapena WhatsApp

Njira yotumizira imasintha kamvekedwe ngakhale mawu atakhala omwewo. Kalata ya papepala ndi yolemera kuposa zonse. Sindikizani ziwiri, ina musiye, ina adinde kapena asaine ndi kulemba deti n'kukubwezerani. Akakana kudinda, lembani nokha tsiku, nthawi ndi udindo wa yemwe mwamupatsa, kenako tumizaninso pa imelo. Imelo imasunga yokha deti, koma tumizani kuchokera ku adiresi yanuyanu, chifukwa ya kuntchito ikhoza kutsekedwa tsiku lomwe nkhani yavuta, umboni wonse n'kutsekeredwa momwemo.

WhatsApp ndi yabwino pa chikumbutso chachifupi, ndipo kwa bwana wa bizinesi yaing'ono yopanda ofesi mwina ndiyo njira yokhayo. Vuto lake ndi liwiro. Munthu amalemba usiku ali ndi mkwiyo, amatumiza mameseji asanu ndi awiri otsatizana, wachitatu ali ndi mawu omwe m'mawa akanawafufuta. Ngati mukugwiritsa ntchito imeneyi, lembani kaye pena, tumizani uthenga umodzi wathunthu nthawi ya ntchito, ndipo jambulani sikirini yosonyeza deti ndi nambala. Mavoisi apeweni, mawu amanjenjemera kapena kukwera, ndipo n'kovuta kuwaika m'faelo. Gulu la WhatsApp la kuntchito si malo olonjererapo ngongole. Bwana wochititsidwa manyazi pamaso pa antchito ake amauma khosi ngakhale ndalama ali nayo.

Ngati osalipidwa muli ambiri, kalata imodzi yosainidwa ndi onse imachotsa mantha oti mmodzi aonedwa ngati woyambitsa, ndipo imamveka msanga. Mawu ake akhale ofatsa kuposanso a munthu mmodzi, chifukwa kuchuluka kwa masiginecha n'kokwanira kale kulemeretsa pepala. Ndalama za aliyense zilembedwe payekhapayekha pa tsamba lophatikiza, dzina, miyezi ndi yotsala, kuti wina akalipidwa n'kuchotsa dzina lake, manambala a otsalawo asasokonekere.

Musanatumize iliyonse mwa makalata awa, iwerengeni mokweza mukuganiza kuti m'chipindamo muli anthu awiri, abwana anu ndi wogamula milandu ya zantchito. Chiganizo chomwe mungachite nacho manyazi pamaso pa wogamula chichotseni. Kenako ipatseni munthu yemwe sakudziwa nkhaniyi, ndipo mumufunse mafunso atatu: ndi ndalama zingati, za miyezi iti, ndipo zikufunika pofika liti. Akalephera kuyankha limodzi mwa atatuwa atawerenga kamodzi, bwererani mukalembe nambala kapena deti lomwe lasowalo.